Thiraki Isananyamuke, Funsani Komwe Kuli Katundu

Invoisi iliyonse yochokera kwa sapulaya imakhala ndi adiresi pamwamba, pansi penipeni pa dzina la kampani. Ogula ambiri akaiona amangoikopera n'kuitumiza kwa wathiraki, amvekere: "Mukanditengere katundu wanga pamenepo." Mavuto amayambira pomwepo. Adiresi ya pamwamba pa invoisi nthawi zambiri imakhala ya ofesi, komwe kumakhala owerengera ndalama, komwe kumafikira makalata, komwe kampaniyo inalembetsa ku boma. Katunduyo amakhala kwina, m'weyahausi yomwe mwina wogulitsa amene mwakhala mukulemberana naye sanapondemo phazi chaka chonse.

Pali kalata imodzi yaifupi imene imatseka mpata umenewu. Ndi imelo yopempha sapulaya kuti alembe yekha, momveka bwino, malo enieni amene katundu wanu ali, thiraki isanatumidwe. Kuilemba sikutenga nthawi, koma anthu ambiri amailemba mwa njira yoti yankho lake silithandiza kanthu. Ndikufuna tione momwe ilembedwere kuti igwire ntchito, ndipo titsatire oda imodzi kuyambira pa invoisi mpaka pa geti la weyahausi.

Tiyerekeze mayi amene ali ndi shopu ya zipangizo zomangira ku Limbe. Wagula matailosi ku Joni, mapaleti 6, lililonse lolemera makilogalamu pafupifupi 1,200, zonse pamodzi matani 7 ndi kanthu pang'ono. Invoisi ikuonetsa adiresi ya ku Sandton. Matailosiwo ali ku Wadeville, m'dera la Germiston, m'weyahausi ya kampani ina imene sapulaya amailipira kuti izimusungira katundu. Mayiyu sakudziwa zimenezi, ndipo palibe amene wamuuza, chifukwa sanafunse.

Katundu wa matani 7 sadzaza thiraki yaikulu yodutsa malire, choncho amapita pamodzi ndi wa anthu ena. Transipota amatumiza lole yaing'ono kuti izungulire mu Joni kutolera katundu wa makasitomala osiyanasiyana, n'kukamutula ku depoti yake. Kumeneko amapakira thiraki yaikulu, imene imadzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, n'kudzalowa pa Mwanza, ulendo wa makilomita pafupifupi 1,700 kufika ku Blantyre. Tinene kuti thiraki yaikuluyo imapakira Lachisanu madzulo. Lole yaing'ono yafika ku Sandton Lachisanu cha m'ma 11 koloko. Dalaivala wapeza nyumba yosanja ya magalasi okhaokha, polowera pake pamangokwana galimoto zazing'ono, ndipo mlonda sakudziwa za matailosi alionse. Dalaivala ayimbira bwana wake, bwana ayimbira mayi wa ku Limbe, mayi ayimbira wogulitsa, wogulitsa ali pa msonkhano. Pamene adiresi yoona ikupezeka, nthawi yadutsa 1 koloko. Kuchoka ku Sandton kufika ku Wadeville ndi makilomita 30 kapena kuposerapo, ndipo dalaivala ali ndi katundu wa anthu ena woti atolere. Akafika, apeza kuti weyahausiyo sipereka katundu kwa galimoto yomwe sinalembetsedwe dzulo lake. Thiraki yaikulu yanyamuka popanda matailosi. Mayi uja alipira ulendo wa lole yomwe yayenda yopanda kanthu, adikira sabata yathunthu kuti thiraki ina ipakire, ndipo kontilakita amene amadikira matailosiwo ku Namiwawa wakagula kwina.

Palibe amene wanama pa nkhani yonseyi. Sapulaya sanabise kanthu, transipota wapita komwe anauzidwa. Makampani ambiri amachita dala kusiyanitsa ofesi ndi posungira katundu, chifukwa lendi ya malo a maofesi ndi yokwera ndipo mathiraki saloledwa kumangoimaima kumeneko. Ku Joni katundu amasungidwa m'madera ngati City Deep, Isando, Jet Park, Wadeville ndi Aeroton. Palinso makampani amene amaitanitsa katundu kuchokera kunja, ndipo wogulitsa akati "alipo" amatanthauza kuti akuoneka pa kompyuta, pomwe ali ku Durban, makilomita pafupifupi 570 kuchoka ku Joni. Nthawi zina oda imodzi imakhala pawiri: matailosi kwina, guluu womatira kwina.

Malo olembedwa ndi mbali ya mgwirizano

Ena amaona imeloyi ngati yongofunsa njira. Ine ndimaiona ngati gawo la mgwirizano wa malonda, ndipo chifukwa chake chili pa zilembo zitatu zomwe zimakhala pa kotesheni kapena pa invoisi, pafupi ndi mtengo: `EXW` kapena `FCA`. Zilembozi zimachokera m'malamulo otchedwa Incoterms, omwe bungwe la International Chamber of Commerce linawatulutsa koyamba mu 1936. Amene akugwira ntchito pano anayamba pa 1 Januwale 2020, ndipo alipo 11. Ntchito yawo ndi kunena kuti udindo wa wogulitsa umathera pati, ndipo wa wogula umayambira pati.

Pa `EXW`, wogulitsa amakhala kuti wamaliza mbali yake akangomuika katundu pamalo amene munagwirizana, pa tsiku lomwe munagwirizana, kuti inu mumutenge. Sakakamizidwa kumukweza m'galimoto, ndipo mapepala otulutsira katundu m'dzikomo ndi anu. Kuyambira nthawi imeneyo, katundu akanyowa, akasweka kapena akabedwa, woluza ndi inu, ngakhale lole yanu ikadali kuzungulira ku Sandton. Pa `FCA` zimapepukirako: ngati malo ogwirizana ndi pamalo pa wogulitsa, iyeyo ndiye akweze katundu m'galimoto yanu, ndipo mapepala otulutsira katundu ndi ake.

Tsono taonani pomwe pagona nkhani. Malamulo onse awiriwa amadalira dzina la malo lomwe lalembedwa kutsogolo kwa zilembozo. Invoisi ikangoti `EXW Johannesburg`, ndiye kuti mwatchula mzinda wonse. Malamulowo amati ngati simunagwirizane malo enieni m'dera lomwe mwatchulalo, ndipo malo otheka alipo angapo, wogulitsa ali ndi ufulu wosankha amene akumukomera iyeyo. Simungamuimbe mlandu kuti lole yanu yasochera. Koma akalemba yekha mu imelo kuti katundu wa oda yakuti ali pa nambala yakuti, msewu wakuti, kuyambira tsiku lakuti, muli ndi pogwira. Lole ikafika pamenepo n'kupeza palibe kanthu, ndalama ya ulendo wachabewo muli ndi chifukwa chomveka choifunsira kwa iye.

Nkhani ya mayi wathu ili ndi kanthu kena komwe ngakhale odziwa malonda amakaphonya. Weyahausi ya ku Wadeville si ya sapulaya, ndi ya kampani ina. Kodi pamenepo ndi "pamalo pa wogulitsa"? Kodi fokolifiti yokwezera mapaleti alipira ndani? Musasiye funso limeneli kuti likayankhidwe ndi dalaivala ndi kapitawo wa weyahausi ataima padzuwa. Lilowe mu imelo.

Imelo yake

Itumizeni sapulaya akangovomera oda, musanabuke galimoto, ndipo ngati ndi sapulaya watsopano, musanalipire n'komwe. Ipite kwa wogulitsa amene mumalankhula naye, koma mupemphe kuti aikemo munthu wa kumalo otulutsira katundu, amene amaona mapaleti ndi maso ake. Mutu wa imelo ukhale ndi nambala ya oda, chifukwa anthu a m'weyahausi amafufuza ndi nambala, osati ndi dzina lanu. Kwa sapulaya wa ku Joni mutuwo ungaoneke motere:

```
PO 0457 - please confirm collection address
```

Mkati mwake mudzalemba m'Chingerezi ngati ikupita ku Joni, kapena m'Chichewa ngati ikupita kwa sapulaya wa konkuno amene mumalankhulana naye Chichewa, koma mfundo zake ndi zomwezi:

"Zikomo bambo. Tikukonza zotumiza galimoto kudzatenga katundu wa oda 0457, matailosi mapaleti 6, Lachinayi likudzali m'mawa. Tisanauze transipota wathu, tikupempha mutilembere adiresi yonse ya malo amene katunduyu ali panopa: dzina la kampani lomwe lalembedwa pa geti, nambala ya nyumba kapena ya yuniti, msewu, dera, ndi geti lomwe mathiraki amalowera. Pa invoisi pali adiresi ya ku Sandton, ndipo tikuganiza kuti imeneyo ndi ya ofesi. Mutiuzenso ngati katundu yense ali pamalo amodzi, ngati wamangidwa kale pa mapaleti, ndi kulemera kwake konse pamodzi. Tikufunanso dzina ndi foni ya munthu amene dalaivala akamupeze kumeneko, nthawi yomwe mumayamba ndi kusiya kupereka katundu, nambala yomwe dalaivala akatchule pa geti, komanso ngati galimoto iyenera kulembetsedwa tsiku lisanafike. Pomaliza, mutsimikize kuti kukweza katundu m'galimoto ndi kwa inu. Tingathokoze mutatiyankha pofika Lachiwiri masana, kuti transipota apeze nthawi yokonzekera. Tikangolandira yankho lanu tikutumizirani dzina la dalaivala ndi manambala a galimoto."

Chofunika kwambiri m'kalatayi ndi momwe funso loyamba lafunsidwira. Silikuti, "Kodi adiresi iyi ndi yolondola?" Funso lotero limayankhidwa ndi liwu limodzi, ndipo wogulitsa wotanganidwa akaona adiresi ya kampani yake amangoti "inde", poti ndi yolondoladi, ndi komwe iye amagwira ntchito. Mukamupempha kuti alembe yekha komwe kuli katundu, amakakamizika kutsegula kompyuta n'kuona, kapena kuimbira a kuweyahausi. Adiresi ya pa invoisi mwaitchula, koma mwaitchula moikayikira, kuti aone msanga chomwe mukuopa.

Mawu oti "panopa" nawonso ali ndi ntchito. Sapulaya amene munagulako chaka chatha akhoza kukhala atasamuka, kapena atasintha kampani yomusungira katundu, pomwe mapepala ake akadali ndi adiresi yakale chifukwa palibe amene anakumbukira kusintha. Choncho imeloyi ndi ya oda iliyonse, ngakhale kwa sapulaya amene mwazolowerana naye.

Dzina la pa geti ndilo limapulumutsa dalaivala. M'madera a mafakitale muli mipanda ikuluikulu momwe muli mayuniti ambirimbiri pa nambala imodzi ya msewu, ndipo ngati katundu akusungidwa ndi kampani ina, chikwangwani cha sapulaya wanu simuchipeza paliponse. Dalaivala akafunsa mlonda dzina la sapulaya, mlonda amapukusa mutu moona mtima. Kulemera kwa katundu nako si funso lapambali. Matani 7 akwera bwino pa lole ya matani 8, koma sapulaya akawonjezerapo mapaleti awiri a guluu ndiye kuti yafunika galimoto ina, ndipo ndi bwino transipota adziwe Lachiwiri kusiyana ndi kukadziwira pa sikelo.

Za tsiku loyankhira: ikani tsiku ndi nthawi, ndipo nenani chifukwa chake. Kungoti "mwamsanga" sikusuntha munthu. Ndipo musaphatikize nkhani zina mu imeloyi, monga kudandaula za mtengo kapena kufunsa kotesheni yatsopano. Wogulitsa adzayankha chomwe chili ndi ndalama, za adiresi n'kuzisiya.

Kuwerenga yankho

Yankho likabwera, ntchito sinathe. Tinene kuti wogulitsa wayankha kuti: "Katundu ali ku weyahausi yathu ku Germiston, dalaivala akafika andiyimbire." Ili si yankho. Germiston ndi dera lalikulu, ndipo "andiyimbire" akutanthauza kuti ulendo wonse wadalira foni ya munthu mmodzi amene angakhale pa msonkhano. Bwezani imelo mwaulemu, mutchule zomwe zasowa chimodzichimodzi. Palibe chamanyazi pofunsa kawiri. Yankho lokwanira ndi lomwe mungapatse dalaivala amene sanapondeko kumeneko, foni yake n'kuzima, koma n'kukafikabe ndi kupatsidwa katundu.

Ambiri masiku ano amati, "Ndikutumizirani pini pa WhatsApp." Pini ndi yabwino, koma ili ndi msampha womwe ndi wosavuta kuuona mukaudziwa. Munthu akasankha kutumiza malo amene ali pa nthawiyo, foni imatumiza pomwe waima iyeyo. Wogulitsa akatumiza ali pa desiki yake ku Sandton, pini ikulozani ku Sandton komweko. Pemphani kuti pini itumizidwe ndi munthu amene waima pa geti la mathiraki, kenako itseguleni nokha pa mapu, muone ngati ikugwera mu msewu womwe walembedwa mu imelo. Zikasiyana, chimodzi mwa ziwirizo n'cholakwika, ndipo mufunse musanatumize galimoto.

Ena amatumiza manambala a malo m'malo mwa pini. A ku Joni amaoneka motere: `-26.2, 28.1`, ndipo pa adiresi yeniyeni pamakhala manambala ena kutsogolo kwa kadontho. Kamzere kali koyambirirako kamasonyeza kuti malowo ali kumwera kwa dziko lapansi. Kakasowa pokopera, mapu akupititsani kuchipululu cha ku Egypt. Kulakwitsa kotero n'kosavuta kukuona. Koopsa ndi kudula manambala akumapeto: manambala anayi kutsogolo kwa kadontho amaloza malo mosaphonya kuposa mamita 11 kapena chapompo, atatu amaphonya ndi mamita oposa 100, ndipo awiri amaphonya ndi kilomita yathunthu. M'dera la mafakitale, mamita 100 ndi geti la kampani ina.

Mayina a misewu nawo amasokoneza. Ku South Africa misewu yambiri inasinthidwa mayina, koma anthu ndi mapepala akale amatchulabe akale. Ku Durban, West Street tsopano ndi Dr Pixley KaSeme Street, ndipo Point Road ndi Mahatma Gandhi Road. Mzinda wa Port Elizabeth unakhala Gqeberha mu 2021. Komanso dzina limodzi la msewu limapezeka m'madera angapo a mzinda womwewo, n'chifukwa chake dzina la dera siliyenera kusowa pa adiresi. Mukailemba pa mapu n'kutuluka malo awiri, musasankhe nokha.

Sapulaya akayankha kuti katundu ali mu bondi, imani kaye. Weyahausi ya bondi ndi yosungiramo katundu amene sanalipiridwe msonkho wolowera m'dzikomo, ndipo satuluka popanda chilolezo cha a kasitomu. Si galimoto iliyonse imene imaloledwa kumunyamula. Uzani ejenti wanu wokiliya katundu ndi transipota tsiku lomwelo, chifukwa mapepala ake ndi ena ndipo tsiku lotengera likhoza kusintha.

Pamene adiresi yasintha mwadzidzidzi

Apa ndikufuna ndichedwepo, chifukwa ndalama zomwe zimatayika apa ndi zambiri kuposa za lole yosochera. Akuba amatha kulowa mu imelo ya sapulaya, kapena kupanga adiresi ya imelo yofanana ndi yake kusiyana chilembo chimodzi chokha. Amawerenga makalata anu mwakachetechete mpaka nthawi yolipira itayandikira, kenako n'kulemba ngati sapulayayo: tasamuka, weyahausi yathu yatsopano ndi iyi, ndipo akaunti yathu ya kubanki nayo yasintha. Kalatayo imakhala ndi chizindikiro cha kampani, nambala ya oda yolondola, ngakhale kalembedwe ka munthu amene mumamudziwa.

Mukayankha imelo yomweyo kufunsa ngati n'zoona, amene akuyankheni ndi wakubayo. Choncho kusintha kulikonse kwa adiresi, makamaka kukabwera pamodzi ndi kusintha kwa akaunti, kutsimikizidwe pa foni, pa nambala yomwe munali nayo kale, osati yomwe yalembedwa pansi pa imelo yatsopanoyo. Yang'anani chilembo ndi chilembo mbali ya adiresi ya imelo yomwe ili kutsogolo kwa `@`, ndipo mukadina poyankhira, onani ngati yankho likupitadi ku adiresi yomwe mumaidziwa.

Kwa sapulaya amene mwangomupeza pa intaneti, imelo yofunsa za weyahausi ndi muyeso wabwino musanatulutse ndalama. Wamalonda weniweni savutika kunena komwe kuli katundu wake, ndipo sakana kuti transipota wanu adutseko kukaona mapaletiwo. Amene akuti adiresi aipereka mukalipira, kapena amene adiresi yake mukaiona pa zithunzi za mapu ndi nyumba yogonamo kapena bwalo lopanda kanthu, wakupatsani chifukwa chokwanira chosungira ndalama zanu.

Sapulaya nayenso ali ndi mantha ake, ndipo ndi omveka. Pali anthu amene amafika pa weyahausi ndi galimoto, n'kutchula nambala ya oda yomwe anaimva kwina, n'kunyamula katundu wa eni ake. N'chifukwa chake maweyahausi ambiri amafuna dzina la dalaivala, nambala ya chiphaso chake, ndi nambala za galimoto, ya mutu ndi ya ngolo ngati ndi thiraki yaikulu, zonse zitatumizidwa ndi wogula. Zitumizeni mu imelo yomweyo, pansi pa yankho la sapulaya, kuti nkhani yonse ikhale pamodzi. Transipota akasintha galimoto m'mawa wa tsikulo, zomwe zimachitika kawirikawiri, lembaninso pomwepo, apo ayi galimoto yatsopanoyo ikabwezedwa pa geti.

Kufikitsa uthenga kwa dalaivala

Adiresi yabwino imatha kuwonongeka ili m'manja mwanu. Mwailandira pa imelo, mwaiwerengera transipota pa foni, iye wailemba pa kapepala, waijambula n'kutumiza kwa dalaivala, ndipo penapake 17 wasanduka 71. Musailembenso. Tumizani imelo ya sapulaya momwe ilili kwa transipota, mutachotsamo za mitengo ngati simukufuna azione, ndipo mupempheni akuyankheni kuti dalaivala wailandira. Mumuuze mosabisa kuti adiresi ya pa invoisi asaitsatire, chifukwa invoisiyo idzakhala m'manja mwa dalaivala pamodzi ndi mapepala ena, ndipo maso ake adzagwera pomwepo.

Dzulo lake la tsiku lotenga katundu, imbirani munthu wa kuweyahausi amene munapatsidwa dzina lake. Mafunso ndi awiri: kodi mapaleti 6 a oda 0457 mukuwaona, ndipo kodi galimoto yathu ili pa mndandanda wa mawa? Akati sakudziwa za odayo, mwapeza vuto kukadali tsiku lathunthu loti likonzedwe. Mwayi wake, nthawi ya ku South Africa ndi ya kuno n'chimodzimodzi, choncho 8 koloko yawo ndi 8 koloko yathu. Chosiyana ndi masiku a tchuthi. Pa 21 Malichi, 27 Epulo, 16 Juni, 9 Ogasiti, 24 Seputembala ndi 16 Disembala ife timakhala pa ntchito, iwo atseka, ndipo mafakitale ambiri amatseka kuyambira pakati pa Disembala mpaka kumayambiriro kwa Januwale. Ambiri amawerukanso msanga Lachisanu. N'chifukwa chake mayi wathu wasankha Lachinayi m'mawa: chikalakwika china, Lachisanu likadalipo thiraki yaikulu isanapakire.

Zonsezi zimagwiranso ntchito konkuno, mwinanso kuposa. Mapepala a makampani athu ambiri amangokhala ndi nambala ya bokosi la kupositi, ndipo bokosi silisunga matumba a simenti. Kampani ikhoza kukhala ndi ofesi ku Ginnery Corner, katundu ali ku Makata, ku Chirimba kapena ku Maone. Ofesi ku Old Town, katundu ali ku Kanengo. Nambala ya puloti imathandiza a kukhonsolo, koma dalaivala wochokera ku Mzuzu sangaipeze, ndipo manambala a madera a mu Lilongwe satsatana monga momwe mlendo angaganizire. Choncho kwa sapulaya wa kuno pemphani kuti alembe njira momwe amailongosolera pakamwa: mukakhotera pati kuchoka mu msewu waukulu, moyang'anana ndi chiyani, geti la mtundu wanji. Nyengo ya mvula funsaninso ngati thiraki yodzaza ingathe kulowa ndi kutembenuka pamalopo. Zikhale zolembedwa, ndipo pini ibwere pamwamba pa zimenezo.

Chotsala ndi chimodzi choti mugwirizane ndi transipota galimoto isanatuluke. Dalaivala akafika pa adiresi yotsimikizidwa n'kuuzidwa kuti katundu ali kwina, asanyamuke pongomvera mlonda kapena munthu womuimbira foni amene sakumudziwa. Aime pomwepo, ajambule geti ndi chikwangwani, akuimbireni. Inu muimbire sapulaya pa nambala yanu yakale ija, mumupemphe alembe adiresi yatsopanoyo mu imelo yomwe ija ndi kuvomera kuti ulendo wowonjezerawo alipira iye. Akalemba, dalaivala apite.